Akakumanani ntchito chifukwa cha tsankho: ku Leba, ku khoti la IRC, ku MHRC kapena kwa Ombudsman?

Ambiri amaganiza kuti lamulo la za ntchito limayamba kuteteza munthu tsiku lomwe wasayina kontirakiti. Si choncho. Gawo 5 la lamulo la za ntchito la 2000 limaletsa tsankho kwa wantchito komanso kwa munthu amene akufunsira ntchito, ndipo limatchula kulemba ntchito ngati amodzi mwa malo omwe tsankho n'loletsedwa. Vuto lagona pakuti wofunsira ntchito alibe fayilo, alibe kalata yomuchotsa, alibe anzake apantchito omuikira umboni. Nthawi zambiri amangouzidwa kuti "tikuimbirani", foni n'kukhala chete mpaka kalekale. N'chifukwa chake kusankha kokadandaula kuyenera kuyambira pa zinthu ziwiri: amene wakukanani ndi boma kapena ndi kampani, komanso muli ndi pepala lanji m'manja.

Tiyerekeze ndi nkhani iyi. Mayi wina wafunsira ntchito ya ukashiya pa sitolo yogulitsa katundu wopikulitsa ku Limbe. Wachita intavyu, ndipo Lachisanu walandira uthenga pafoni woti wapambana, adzayambe pa 1 mwezi wamawa, koma ayambe wapita ku kiliniki yomwe kampaniyo imagwiritsa ntchito kuti akamupime thupi. Kumeneko amutenga magazi, ndipo pa fomu yomwe akusayina waona kuti pali mzere wa HIV. Mayiyu amamwa ma ARV. Patapita sabata, uthenga wina wabwera: malo aja adzaza.

Pa nkhani ngati iyi lamulo silichita chibwibwi. Lamulo la HIV ndi Edzi la 2018 limaletsa olemba ntchito kuumiriza munthu kuyezetsa HIV kuti amulembe. Bilu yake isanadutse munali ndime zoloza kuti olowa usilikali, upolisi komanso antchito a m'nyumba aziyezedwa mokakamiza, koma aphungu adazichotsa mu 2017 anthu omwe ali ndi kachilombo atadandaula kwambiri. Choncho kupima thupi kuti aone ngati munthu angathe ntchito n'kololedwa, koma kulowetsamo HIV ngati chipata cholowera ntchito n'kulakwira lamulo. Mayiyu ali ndi mauthenga awiri aja komanso tsiku lomwe adapita ku kiliniki. Kutsatana kwa masiku kumeneku ndiye mlandu wake wonse.

Khomo lapafupi ndi ofesi ya Leba, yomwe ili pa boma lililonse. Simulipira, simufunika loya, ndipo mumafotokoza m'Chichewa. Mkulu wa Leba amalembera kalata abwana aja kuwaitana kuti mukambirane. Ubwino wake waukulu, kwa ine, si kukambiranako ayi, koma kuti pamenepo kampani imakakamizika kunena chifukwa chake pamaso pa munthu wa boma yemwe akulemba. Akanena kuti malo adadzaza, funsani kuti adadzaza liti, ndipo bwanji adakutumizani ku kiliniki. Chifukwa chomwe anena lero chikadzasiyana ndi chomwe adzanene kukhoti, mwapeza umboni omwe munalibe.

Koma a Leba ndi amkhalapakati, sagamula mlandu wa tsankho n'kukakamiza kampani kulipira. Abwana akakana kubwera kapena akakana mlandu, chomwe mumatulukamo nacho ndi kalata yokutumizani kukhoti. Palinso chizolowezi: ntchito yawo ya tsiku ndi tsiku ndi malipiro osaperekedwa, ndalama za notisi ndi za tchuthi, kotero ena amayamba afunsa kuti "munagwirako miyezi ingati?" ndipo mukati simunayambe n'komwe, amati palibe nkhani. Mupite mutalemba gawo 5 lija papepala. Ndipo musachedwe. Pa nkhani zochotsedwa ntchito lamulo limapereka miyezi itatu yokadandaula ku Leba, ndiye ndi bwino nanunso mudziikire malire omwewo.

Khoti la za ntchito, lomwe ambiri amalitchula kuti IRC, ndiye lili ndi mano. Limapezeka ku Blantyre, Lilongwe ndi Mzuzu. Mumalemba dandaulo pa fomu yotchedwa IRC Form 1, kampani imayankha, kenako pamakhala msonkhano woyesa kugwirizanitsa mbali ziwiri mlandu usanayambe kumvedwa. Munthu angathe kudziimira yekha, ndipo osauka angapemphe loya ku bungwe la boma lothandiza anthu pa milandu. Gawo 7 la lamulo la 2000 limapatsa khotili mphamvu yolamula chilichonse choyenera tsankho likatsimikizika, kuphatikizapo chipepeso. Khoti lomweli ndi lomwe mu 2005, pa mlandu wa Banda ndi Lekha, lidagamula kuti kuchotsa munthu ntchito chifukwa wapezeka ndi HIV ndi tsankho loletsedwa ndi gawo 20 la malamulo aakulu a dziko, ngakhale gawolo silitchula HIV. Lidati mawu a gawolo oletsa tsankho la mtundu uliwonse akukwanira.

Pali zinthu ziwiri zomwe mayi wathu ayenera kudziwa asanalowe. Choyamba, pa mlandu wochotsedwa ntchito, lamulo limaika udindo pa bwana kuti apereke chifukwa chomveka. Ndime imeneyo ikukamba za kuchotsa ntchito, choncho amene sanalembedwe n'komwe adzikonzekeretse kuonetsa yekha kuti chomwe chidamugwetsa ndi magazi aja osati china. Apa mpamene milandu yambiri ya tsankho polemba ntchito imafera, chifukwa kampani imangoti panali wina wokhoza kuposa. Mayiyu ali pabwino chifukwa uthenga woyamba ukuonetsa kuti adasankhidwa kale. Akanakhala kuti adangochita intavyu n'kumva mphekesera, bwenzi ndikumuuza kuti asataye ndalama ya minibasi. Chachiwiri ndi nthawi: milandu imachuluka, ndipo si zachilendo kudikira zaka. Wogonja angathenso kuchita apilo ku khoti lalikulu pa mfundo za lamulo. Khoti likamaliza, malo a ukashiya aja amakhala ali ndi mwini wake kalekale, kotero chomwe mungayembekeze kwenikweni ndi ndalama osati ntchito. Musaiwalenso kuti khoti ndi bwalo la poyera. Munthu amene sanauze achibale za momwe alili aganize mofatsa, ndipo afunse msanga ngati dzina lake lingabisidwe.

Apa mpamene bungwe loona za ufulu wa anthu la MHRC limaposa khoti. Nalonso ndi laulere, limalandira dandaulo lolembedwa kapena lapakamwa, limafufuza makampani komanso maofesi a boma, ndipo nkhani imatha kuyenda popanda gulu la anthu kumvetsera. Ofufuza ake angathe kufunsa mapepala omwe inu panokha simungapatsidwe, monga fomu ya ku kiliniki ndi malikisi a intavyu. Pa tsankho la pakati pa amuna ndi akazi ndiye kwawo kwenikweni, chifukwa lamulo la 2013 loona za kusasiyanitsa amuna ndi akazi lidapatsa bungweli udindo wolilondoloza. Mtsikana amene wafunsidwa pa intavyu kuti "mukwatiwa liti, nanga mukatenga mimba ntchito agwira ndani?", kapena amene wauzidwa kuti akakumane ndi abwana kuloji kuti dzina lake lituluke, ndingamutumize kumeneko poyamba. Malire ake ndi akuti malamulo aakulu a dziko sadalipatse mphamvu za khoti. Limatulutsa zomwe lapeza ndi malangizo, ndipo kampani yoopa kunyozeka imamvera, pomwe yamakani imangokhala phee. Komabe lipoti lawo limakhala chida chabwino mukapita nalo ku IRC.

Kwa Ombudsman mayi wa ku Limbe asapiteko, angotaya tsiku. Ofesiyi imayang'ana zolakwika za maunduna, makhonsolo ndi makampani a boma, osati sitolo ya munthu. Koma ntchito ikanakhala ya ukalaliki ku khonsolo, ndikanaika ofesiyi patsogolo pa ena onse. Ntchito za boma zimasiya mapepala ambiri: chilengezo, mndandanda wa oitanidwa, malikisi a aliyense wa pa gulu lofunsa, ndi kalata yovomereza. Ombudsman amatha kuitanitsa zonsezi n'kulamula kuti cholakwika chikonzedwe, ndipo ofesiyi idathetsapo kulembedwa ntchito kwa anthu m'mabungwe a boma itapeza kuti ndondomeko sidatsatidwe. M'boma mulinso muyezo wowerengeka: lamulo la 2013 lija limati polemba ntchito, amuna kapena akazi asachepere 40 pa 100 alionse ndipo asapitirire 60. Ngati alemba anthu 20 ndipo akazi ndi atatu pomwe panali akazi oyenerera, masamu okhawo ayamba kale kukulankhulirani. Dziwani kuti malamulo amati Ombudsman alowerere pomwe palibe njira ina yothandiza ya kukhoti, choncho mukayamba mwasuma, angakubwezeni.

Ena amafunsa za polisi, poti tsankholi ndi mlandu. Zoona, gawo 5 lidalembedwa ndi chindapusa cha K10,000 ndi zaka ziwiri kundende, lamulo la 2013 lili ndi K1,000,000 ndi zaka zisanu, ndipo la HIV chindapusa chake chimafika m'mamiliyoni. Koma chindapusa chimapita ku boma osati kwa inu, ndipo umboni wofunika kuti munthu amangidwe ndi wolemera kuposa wa ku IRC.

Zifukwa zinayi izi za tsankho, kukhala mwamuna kapena mkazi, chipembedzo, HIV ndi zaka za munthu, sizili ndi mphamvu yofanana. Kukhala mwamuna kapena mkazi komanso chipembedzo zidatchulidwa m'gawo 5, HIV ili ndi lamulo lakelake, koma zaka za munthu sizidatchulidwe m'gawo 5 ngakhale m'gawo 20. Amene wakanidwa chifukwa chilengezo chidati "osapitirira zaka 35" ayenera kudalira mawu oti "kapena chikhalidwe china chilichonse cha munthu" omwe ali pa mndandanda wa zifukwa zoletsedwa, ndipo umenewo ndi mtsutso wa maloya womwe a Leba sangauthe. Pa chipembedzo, funso limakhala loti ntchitoyo payokha ikufunadi chikhulupiriro chimenecho kapena ayi. Pangano la 111 la bungwe loona za ntchito padziko lonse la ILO, lomwe Malawi idavomereza mu 1965, limalola kusankha kotero pokhapokha ntchito yeniyeniyo ikafuna. Mpingo ukafuna m'busa wa sukulu yake kapena mzikiti ukafuna mphunzitsi wa madrasa, palibe mlandu. Koma dalaivala wa ambulansi pa chipatala cha mishoni kapena mlonda sayenera kufunsidwa kalata ya abusa.

Mayi wa ku Limbe ndingamuuze kuti ajambule mauthenga awiri aja n'kuwasindikiza foni isanatayike, alembere kampani kalata yopempha chifukwa chomwe adabwezera ntchitoyo n'kusunga kope yodindidwa kuti alandira, kenako sabata yomweyo apite ku Leba ndi ku MHRC. Akapatsidwa kalata ya ku Leba, apite nayo ku IRC ku Blantyre ngati wakonzeka kudikira komanso kuti nkhani yake imveke pabwalo. Ngati sanakonzeke, asiyire a MHRC ayambe afunsa kilinikiyo kuti zotsatira za magazi ake idazipereka kwa ndani komanso ndi chilolezo cha yani.