Kamaiki kopanira pa malaya: zomwe ndaona patatha miyezi ndikujambulira m'kalasi

Kamaiki kachingwe kolumikiza ku foni ndakhala ndikukagwiritsa ntchito kwa miyezi ingapo pojambula mawu a aphunzitsi, ndipo vuto la mawu omveka ngati munthu akulankhulira mumgolo latsala pang'ono kutheratu. Chinsinsi chake si ubwino wa maikiyo ayi, koma kufupika kwake ndi pakamwa.

Foni imatola mawu a mitundu iwiri: ochokera pakamwa mwachindunji, ndi ena omwe ayamba agunda makoma, mawindo ndi denga kenako n'kubwerera mochedwa. Obwererawa mphamvu yawo imakhala pafupifupi yofanana paliponse m'chipinda, pamene achindunji amakwera ndi madesibelo 6, womwe ndi muyeso wa mphamvu ya mawu, nthawi iliyonse mukadula mtunda pakati. Foni yanga inkakhala pa desiki, mamita 3.2 kuchokera pomwe aphunzitsi amaima. Kamaikika kamakhala pachifuwa, masentimita 20 kuchokera pakamwa. Apa ndiye kuti mtunda wadulidwa pakati kanayi, choncho mawu a aphunzitsi akwera ndi madesibelo pafupifupi 24, obwerera aja ali pomwepo. Mukamamvetsera, "s" ndi "t" zimamveka bwinobwino, ndipo liwu silikokera mchira pa linzake. Ngakhale aphunzitsi atembenukire ku bolodi, maiki amatembenuka nawo, foni ili m'thumba mwawo.

Pa kompyuta ntchito yatsala yochepa. Mu pulogalamu yokonzera mawu ya Audacity ndimaika High-Pass Filter pa 100 Hz kuti mkokomo wapansi uchoke, kenako mu Filter Curve EQ ndimatsitsa madesibelo atatu cha pa 300 Hz. Izi zimangopeputsa mawu, sizichotsa obwerera. Noise Reduction nayonso musaidalire pa vutoli. Iyo imachotsa phokoso losasinthasintha monga la fani, pomwe mawu obwerera ndi a mphunzitsi yemweyo, amasintha ndi liwu lililonse. Mukaikakamiza, mawu amayamba kunjenjemera.

Zofooka zake zaonekera pang'onopang'ono. Chingwe chinayamba kuthetheka pafupi ndi pulagi chifukwa chopindika m'thumba, moti tsopano ndimajambula pang'ono n'kumvetsera ndi mahedifoni phunziro lisanayambe. Kuyesako kumathandizanso pena: mukakanda kamaikiko ndi chala koma kukandako osamveka, dziwani kuti foni ikujambulabe ndi maiki ake amkati. Kawirikawiri vuto limakhala pulagi, chifukwa foni imafuna ya TRRS, yamizere itatu, osati ya TRS yamizere iwiri. Jekete ikamakhula maiki imaononganso mawu, ndiye ndimapanira pamalo pomwe nsalu sigundana.

Chomwe chimandipwetekabe mtima ndi mafunso a ophunzira. Wofunsa ali kumbuyo amakhala kutali ndi maiki, ndiye mawu ake amafika otsika, odzaza ndi obwerera, ndipo kuwakweza kumakweza zonse pamodzi. Ndinapempha aphunzitsi kuti azibwereza funso lililonse asanayankhe, ndipo anavomera.