Imelo yopepesa kasitomala: njira ziwiri

Tinene kuti mwamulipiritsa kasitomala K45,000 kawiri pa invoisi imodzi. Ena amalemba "pepani pepani bwana, tachimwa kwambiri, tikhululukireni" mpaka ndime zitatu, koma kasitomala akafika kumapeto sakudziwabe kuti ndalama zake zibwera liti, ndiye kupepesako kwamuthandiza chani? Ena amati "sisitimu yathu ndiye inalakwitsa", apa ndiye mwamuputa dala, iye analipira inu osati sisitimu.

Ine ndimakonda yachidule: "Bambo, pa 3 Malichi tinakudulani K45,000 kawiri. Kulakwa ndi kwathu, pepani. Tabweza ndalamazo lero ku akaunti yanu, zikapanda kuoneka pofika Lachisanu mundiyankhe pa imelo yomweyi." Pepani mmodzi basi, koma tsikulo lembani lomwe mukwanitsedi.