Jentamaisini: kamodzi patsiku kapena katatu? Nanga impso zikafooka tichite bwanji?

Anzanga a m'mawodi muno mu Lusaka, nkhaniyi ndaiyamba chifukwa cha mkangano umene tinali nawo usiku wina ndi nesi mnzanga wachikulire. Iye anaphunzira kupereka jentamaisini katatu patsiku, maola 8 aliwonse, ndipo ataona pa tchati kuti wodwala alandire 300 mg nthawi imodzi, anagwira mutu n'kunena kuti, "A sisita, impso za munthuyu tiziwotcha." Nkhawa yake inali yochokera pansi pa mtima, koma ine ndikuona kuti njira yakaleyo ndiyo imavutitsa impso kwambiri.

Njira yakale imagawa 3 mpaka 5 mg pa kilo iliyonse ya thupi m'majekeseni atatu. Njira inayo imapereka 5 mpaka 7 mg pa kilo nthawi imodzi, kenako n'kudikira maola 24 kapena kuposerapo. Jentamaisini amapha mabakiteriya molingana ndi kuchuluka kwake m'magazi pa nthawi imene wafika pachimake, ndipo ngakhale atachepa, tizilomboto timakhalabe tofooka kwa maola angapo. Choncho mlingo umodzi waukulu umamenya mwamphamvu kuposa timilingo titatu.

Kumbali ya impso zinthu zimayenda mosiyana. Mankhwalawa amatuluka m'thupi kudzera mu mkodzo, ndipo akamadutsa, timachubu ta mu impso timayamwako pang'ono n'kusunga. Kuyamwako kuli ndi malire: mankhwala akachuluka, otsalawo amangodutsa. Chimene chimawononga ndi kukhala kwa mankhwala m'magazi usana ndi usiku osatsika. Pa njira ya katatu, jekeseni wina amabwera woyambayo asanathe, ndiye impso sizipuma. Pa njira ya kamodzi pamakhala maola amene magazi amakhala pafupifupi opanda mankhwala. Kumene labu imatha kuyeza, magazi otengedwa jekeseni wotsatira atatsala pang'ono ayenera kuonetsa zosakwana 1 mg/L pa njira ya kamodzi, ndi zosakwana 2 mg/L pa njira ya katatu. Ambiri a ife kuyeza kumeneku sitikupeza tsiku lililonse, ndiye timadalira kiriyatinini, mkodzo ndi maso athu.

Njira yogawa ikadali ndi malo ake. Pa matenda a mabakiteriya a m'kati mwa mtima, madokotala ambiri amapereka timilingo ting'onoting'ono pamodzi ndi penisilini, ndipo kwa munthu amene wapsa ndi moto mbali yaikulu ya thupi kapena amene mimba yake yadzaza madzi, masamu a kamodzi patsiku sadalirika. Kunja kwa zimenezi, ine ndimasankha kamodzi.

Tsopano impso zikakhala zofooka, pamabuka njira ziwiri zina: kuchepetsa mlingo kapena kutalikitsa nthawi. Tiyerekeze agogo aakazi a zaka 70 ochokera ku Matero, olemera makilo 50, agonekedwa ndi matenda a m'njira ya mkodzo amene alowa m'magazi. Kiriyatinini wawo ndi 110 µmol/L, nambala imene munthu wotanganidwa angaidutse n'kunena kuti palibe vuto. Koma agogo oonda alibe minofu yambiri yopanga kiriyatinini, choncho tiwerengere kaye CrCl, nambala yoonetsa mmene impso zikusefera magazi:

```
CrCl = (140 - 70) x 50 x 1.04 / 110 = 33 ml/min
```

Kwa mwamuna tikanaika 1.23 m'malo mwa 1.04. Impso za agogowa zikugwira ntchito pang'ono chabe. Mlingo woyamba ukhalebe wokwanira, 5 mg pa kilo, kutanthauza 250 mg, chifukwa tizilombo sitichepa mphamvu poti wodwala ndi wokalamba. Chosintha ndi nthawi. CrCl ikakhala 60 kapena kuposa, timadikira maola 24. Pakati pa 40 ndi 59, maola 36. Pakati pa 20 ndi 39, maola 48. Agogowa alandirenso patatha masiku awiri, kiriyatinini atayezedwanso. Tikanati tiwapatse theka tsiku lililonse, tikanaluza kawiri: mankhwala osafika pachimake, komanso osatha m'magazi. CrCl ikakhala yosakwana 20, ndi bwino dokotala aganize za mankhwala ena.

Funsaninso zimene wodwala akumwa. Kuno ambiri ali pa ma ARV okhala ndi tenofoviya, ena amamwa daikolofenaki wogula okha, ena akulandira furosemaidi kapena amfoterisini. Zonsezi zikakumana ndi jentamaisini, makamaka m'thupi louma chifukwa cha kutsegula m'mimba, impso zimagwa msanga. Wodwala matenda ofooketsa minofu a mayasitiniya asalandire konse, chifukwa akhoza kulephera kupuma.

Kwa makanda mfundo ndi yomweyo, koma apa dzanja liyenera kusamala kwambiri. Impso za khanda sizinakhwime, ndipo mankhwala amachedwa kutuluka. Malangizo a bungwe la WHO amati m'sabata yoyamba khanda lobadwa ndi sikelo yochepa lilandire 3 mg pa kilo kamodzi patsiku, lobadwa ndi sikelo yabwino 5 mg pa kilo, ndipo kuyambira sabata yachiwiri mpaka yachinayi 7.5 mg pa kilo. Amaperekedwa limodzi ndi ampisilini kapena penisilini, koma osati mu sirinji imodzi, chifukwa akasakanikirana jentamaisini amatha mphamvu. Tsukani kanyula pakati pa awiriwo.

Chimene chimandiopsa kwambiri ndi kabotolo. Kabotolo ka akuluakulu kali ndi 80 mg mu 2 ml, ndiye kuti 40 mg pa ml, pomwe ka ana kali ndi 10 mg pa ml. Khanda la masiku awiri lolemera makilo 1.8 liyenera kulandira 5.4 mg. Pa kabotolo ka ana ndi 0.54 ml. Ngati muli ndi ka akuluakulu kokha, sakanizani 2 ml ija ndi 6 ml ya madzi a jekeseni, mupeze 8 ml ya 10 mg pa ml, kenako mukoke 0.54 ml. Wokoka 0.54 ml osasungunula wapatsa mwana 21.6 mg, kanayi kuposa mlingo wake. Ndinaonapo sirinji yotero ili kale m'dzanja la wophunzira, mayi atagwira kaphazi ka mwana. Inabwezedwa chifukwa tinawerenga tili awiri. Mpaka lero ndimanjenjemera ndikakumbukira. Kumbukiraninso kuti masiku awiri oyamba kiriyatinini wa khanda amaonetsa za mayi ake, choncho yang'anani matewera. Khanda limene linabanika pobadwa ndipo silikukodza lisalandire mlingo wotsatira dokotala asanalione.

Pa njira zonsezi palibe imene imateteza makutu kotheratu. Impso kawirikawiri zimayamba kuonetsa vuto patatha masiku 5 mpaka 7, nthawi zambiri mkodzo ukutulukabe bwinobwino, ndipo mankhwala akasiyidwa zimatha kuchira. Makutu akawonongeka nthawi zambiri sabwerera. Jentamaisini amakonda kugunda mbali ya khutu imene imatithandiza kuima mowongoka, ndiye wodwala amadandaula chizungulire, amadzandira makamaka mumdima, kapena amati zinthu zikudumphadumpha m'maso akamayenda. Ena amamva kulira m'makutu. Tisamangoti ndi kufooka kwa matenda. Ine ndimafunsa m'mawa uliwonse kuti, "Agogo, m'makutu mukumva bwanji? Mukaimirira pansi pakuzungulira?" Khanda silingayankhe, choncho lomwe lalandira kwa masiku ambiri liyezedwe makutu, ndipo mayi auzidwe chifukwa chake asanatuluke.

N'chifukwa chake pofika tsiku lachitatu ndimatenga tchati n'kupita kwa dokotala kukafunsa ngati zotsatira za magazi zabwera, ndi tsiku limene jekeseniyu athere.