Liwiro Pokwera Phiri: Sipidomita Kapena Mamita pa Ola?

Wopalasa njinga kumapiri a ku Dedza akhoza kuyeza liwiro lake m'njira ziwiri. Yoyamba n'kuyang'ana sipidomita. Koma nambala imeneyo imasintha ndi kutsetsereka kwa msewu, choncho siingakuuzeni liwiro limene mudzakwerere chitunda chimene simunachipondepo.

Ine ndimakonda njira yachiwiri, yowerenga mamita amene munthu amakwera m'mwamba pa ola. Tiyerekeze kuti mwakwera mamita 300 m'mphindi 30. Ndiye kuti mumakwera mamita 600 pa ola. Tsopano msewu ukamakwera mamita 5 pa mamita 100 alionse, gawani 600 ndi 0.05, mupeza mamita 12,000 pa ola, omwe ndi makilomita 12 pa ola. Ukamakwera mamita 10, liwiro limatsika kufika pa makilomita pafupifupi 6, ngakhale miyendo ikugwira ntchito yomweyo.

Njirayi imanama pa chitunda chosakwera kwenikweni, chifukwa pamenepo njinga imathamanga ndipo mphepo imadya mphamvu zambiri. Imanamanso mukayeza njinga ili yopanda kanthu, kenaka n'kumangirira thumba la mbatatesi pakaliyala. Zikatero yezaninso, katundu ali pomwepo.