Pule ya tepaloko pa mota ya chigayo: kiyi yasiya kuduka, koma pali zodandaulitsa

Ndikuipatsa nyenyezi 4 mwa 5. Pule imeneyi, yomwe imagwira shafti ndi bushi yofinya yotchedwa tepaloko, ndinaigula kusitolo ina ya zipangizo za makina ku Blantyre, pamodzi ndi bushi yake yolembedwa 2517 komanso kiyi yatsopano, kachitsulo kolowa m'mpata wa pa shafti kuti pule izizungulira nayo limodzi, ndipo yagwira ntchito nyengo yonse yokolola popanda kuduka kiyi. Ili pa mota ya makilowati 15 yoyendetsa chigayo chopera mgaiwa. Shafti ya motayo ndi ya mamilimita 42, ndipo kiyi yake ndi ya mamilimita 12 m'lifupi ndi 8 msinkhu.

Pule yomwe inalipo kale inali yachitsulo chosungunula, yoboola kumalo ena osemera zitsulo. Inkalowa pa shafti ndi dzanja lokha, mpaka ukaigwedeza inkamveka kuti khokhokho. Titayeza bowo lake tinapeza mamilimita 42.2. Ambiri anganene kuti 0.2 si kanthu, koma pa shafti ndi mpata waukulu zedi. Shafti ya mota ngati iyi imasemedwa pa muyezo wa k6, kutanthauza kuti imaposa 42 ndi kachidutswa kosapitirira 0.018, ndipo bowo loyenera la H7 siliyenera kupitirira 42.025. Pule yoboola bwino imafuna kukankhidwa kapena kutenthetsedwa pang'ono kuti ilowe. Yathuyo inali yotakasuka pafupifupi kasanu ndi katatu kuposa malire ake, ndipo inkadya makiyi.

Chimene chinandipangitsa kugula ndi masamu amene bambo wogulitsa uja anandilembera kuseri kwa lisiti, ndipo ndiwabwereza pano chifukwa ndi amene akufotokoza zonse. Mota ya makilowati 15 yozungulira pafupifupi ka 1,460 pa mphindi imakankha m'mbali mwa kiyi ndi mphamvu yofanana ndi kulemera kwa makilogalamu 470 kapena kuposerako pang'ono. Zikumveka zambiri, koma bushiyi imagwira kiyi pa utali wa mamilimita 45, ndiye 12 kuchulukitsa ndi 45 mupeza kuti chitsulo choti chidulidwe ndi mamilimita 540 a sikweya. Milimita iliyonse ikusenza zosakwana kilogalamu imodzi, pomwe chitsulo cha makiyi chimayamba kugonja pafupi ndi makilogalamu 20. Choncho kupera chimanga pakokha sikungadule kiyi imeneyi, ngakhale mutagaya usiku ndi usana.

Chimadula kiyi ndi kumenya. Pule ikakhala ndi mpata, mukangoyatsa mota shafti imayamba kuzungulira yokha kaye, kenako kiyi imakawomba khoma la mpata wake. Poyambapo mota imatulutsa mphamvu yoposa ya nthawi zonse kawiri kapena katatu, makamaka ngati mwayatsa chigayo chili ndi chimanga m'kati monga zimakhalira magetsi akathima pakati pa ntchito. Kuwomba kulikonse kumafinya chitsulo pang'ono, mpata umakula, ndipo kuwomba kotsatira kumabwera ndi liwiro lalikulu. Komanso kumbukirani kuti pa mamilimita 8 a kiyi, 5 amakhala m'shafti, 3 okha ndi amene amatulukira kukagwira pule. Bowo likatakasuka pule imapendekeka, kiyi imayamba kugudubuzika m'malo mwake n'kumagwira ndi m'mphepete mokha. Ndiye tsiku lina bauti kapena mwala ukagwera m'chigayo, nyundo zimaima mwadzidzidzi pomwe chitsulo cholemera cha m'kati mwa mota chikufunabe kuzungulira. Malamba amaterereka n'kuchepetsako nkhonyayo, koma kiyi yotopa kale imaduka ngati nzimbe pa mfundo. Kiyi yomaliza yomwe tinachotsa inali ndi kasitepe konyezimira m'litali mwake monse, pamzere pomwe shafti imathera, ndipo pozungulira panali fumbi lofiira la dzimbiri. Mukaona fumbi limenelo pa pule yanu, dziwani kuti ikusisitana ndi shafti, musadikire kuti iduke. Pa magiya zinthu zimaipa msanga kuposa apa, chifukwa palibe lamba woti aterereke.

Ubwino wa tepaloko uli poti imachotsa mpata umenewo. Bushi ndi yong'ambika mbali imodzi ndipo kunja kwake n'kosongoka, ndiye mukamanga masikuluwu ake awiri imalowa m'pule n'kufinya shafti kuzungulira konse. Mphamvu yambiri imadutsa m'kufinyako, kiyi imangokhala yothandizira. Kumangirira kwake ndi kosavuta. Timapukuta shafti, bushi ndi bowo la pule kuti pasakhale girizi, kadontho ka oyilo n'kopaka pa masikuluwu pokha. Timamanga mosinthanasinthana, uku pang'ono uko pang'ono, kenako kugogoda bushi ndi kathabwa, n'kumanganso mpaka mphamvu yomangira ifike pafupifupi 48 Nm. Kuchotsa ndiye kumandisangalatsa kwambiri: mumasula masikuluwu onse, imodzi muilowetse m'bowo lachitatu lomwe lili pa bushi, mukamanga bushi imadzikankha yokha n'kumasuka. Palibenso zomenya pule ndi hamala, zomwe zimapha maberingi a mota.

Nyenyezi imodzi ndaichotsa chifukwa cha kiyi imene anandipatsa. Inali yodula kuchokera pa chitsulo chachitali, yosasalaza, ndipo inali yotalika msinkhu pang'ono. Mpata wa kiyi m'bushi umakhala wakuya mamilimita 3.3 pomwe kiyi imatuluka 3, kuti pamwamba patsale kampata. Kiyi iyenera kugwira m'mbali mokha. Iyi inkagunda pamwamba, bushi inakhala pa kiyi m'malo mofinya shafti, ndipo pule inkazungulira mopepeluka. Amakaniko anazindikira atapaka inki pamwamba pa kiyi n'kuona kuti yafufutika. Anaipala ndi fayilo pamwamba pokha, vuto linatha. Sitolo yogulitsa zinthu zotere ikanayenera kuyesa kiyi m'bushi isanapereke. M'bokosi munalibenso pepala la malangizo, kotero munthu wosadziwa sangaganize kuti masikuluwu amafunika kumangidwanso chigayo chikayenda maola angapo oyamba. Athu anali atalekerako ndithu.

Musayembekezenso kuti bushi ichiritsa shafti yowonongeka. Yathu inali itangoyamba kukula pakamwa pa mpata wa kiyi, koma pansi panali bwino ndipo thupi la shafti linali lisanadyeke, n'chifukwa chake zinatheka. Ngati shafti yaonda kapena mpata wa kiyi wafutukuka, tengani mota ipite kwa osema zitsulo akatseguleko mpata wina. Ena amati ikani kiyi yolimba kwambiri, yodula pa sipuling'i ya galimoto. Ine sindivomereza. Kiyi ndi yotsika mtengo kuposa china chilichonse pamenepo, ndipo ikakana kugonja chimene chimang'ambika ndi shafti kapena pule. Zowotcherera pule ku shafti ndiye ayi, beringi ikadzafa mudzalira.

Mtengo wake ndi wokwera kuposa pule wamba yoboola, ndipo mumafunika alenikiyi yokwana bwino, poti masikuluwu a bushi zimenezi kawirikawiri sakhala a mamilimita. Pokagula yezani shafti ndi vaniya, osati tepi, ndipo muwauze kuti akulowetsereni kiyi m'bushi muli pomwepo, muone ngati ikugwira m'mbali ndi kusiya kampata pamwamba.