Adiresi ya pulinta: kuyisungitsa pa rauta kapena kuyilemba mu pulinta momo?

Kushopu kwathu pulinta inkangosowa pakompyuta magetsi akazima nkuyakanso. Dzulo inali pa 192.168.0.103, lero rauta yaipatsa 192.168.0.107 poti foni za anthu zalumikiza msanga nkulanda malo, koma kompyuta ikutumizabe ntchito ku 103 komwe kuja. Njira zothetsera zilipo ziwiri ndipo zonse ndinaziyesa.

Yoyamba ndi kusungitsa adiresi pa rauta. Pa TP-Link mumalowa pa DHCP, gawo lomwe limagawa ma adiresi lokha, kenako Address Reservation, mulembe MAC ya pulinta, nambala yake yobadwa nayo yoizindikirira pa netiweki, ndi adiresi yomwe mukufuna, ine ndinaika 192.168.0.150. Pulintayo muisiye pa DHCP, muizimitse nkuiyatsanso kuti itenge yatsopanoyo. Apa pomwe ambiri amagwa mpa MAC. Pulinta ya waya ndi wayifayi imakhala ndi ma MAC awiri, ndiye mukalemba ya waya pomwe inu mwalumikiza pa wayifayi palibe chomwe chisinthe, mungotuluka thukuta. Pulintani kapepala ka zanetiweki kuchokera pa menyu ya pulinta muone yomwe ikugwira ntchito. Ubwino wake zonse zili malo amodzi ndipo rauta sipatsa wina adiresi imeneyo. Kuipa kwake, wina akangodina kabatani kakumbuyo kaja nkuliseta rauta, zonse zapita, ndiye lembani ma MAC penapake.

Yachiwiri ndi kulemba adiresi mu chipangizo momo. Apa rauta siidziwa zomwe mwachita. Ma TP-Link ambiri amagawa kuyambira 100 mpaka 199, ndiye mukaika 120 tsiku lina foni ya kasitomala ikhoza kupatsidwa 120 yomweyo, pulinta nkumaoneka nkumasowa osadziwa chavuta nchani. Sankhani kunja kwa mpandawo, monga 192.168.0.20. Komanso tsiku lomwe mudzagule rauta ya Huawei ya 192.168.8.1 pulinta idzatsalira ku 192.168.0 yokhayokha, mpaka mukaisinthe pamanja ndi timabatani tosautsa tija.

Mukafuna kutsimikiza, pakompyuta lembani izi, poika adiresi yomwe mwapatsa pulinta yanu:

```
ping 192.168.0.150
arp -a
```

MAC yomwe yaoneka pambali pa adiresiyo ifanane ndi yapakapepala kaja. Ikasiyana ndiye kuti pali wina wakhalapo.

Ine pa pulinta ndimasankha rauta, sindikayika. Koma pa makamera ayi, kumeneko ndimalemba mu kamera momo. Magetsi akabwera kamera imatha kudzuka rauta isanakonzeke, ndipo rauta ikafa usiku kamera yodikira adiresi ikadzayakanso sikhala ndi woipatsa, pomwe yokhala ndi yakeyake imapitiriza kutumiza zithunzi ku rekoda bola switchi ili moyo. Chenjerani chabe ndi makamera a Hikvision, atsopano amabwera pa 192.168.1.64 onse, ndiye lumikizani imodzi, isintheni, kenako ina.