Ndemanga: maphunziro asanu ndi limodzi a aneni a kayendedwe m'Chirasha

Ndili m'chaka chophunzira chiyankhulo kuno ku Voronezh, mzinda wa ku Russia, ndipo aneni a kayendedwe anandizunguza mutu mpaka ndinalipira maphunziro apadera a pa intaneti: maulendo asanu ndi limodzi, ola limodzi ulendo uliwonse, pamodzi ndi mapepala a ntchito. Aphunzitsi ake ndi mayi wa Chirasha amene amafotokoza zonse kudzera m'Chingerezi. Ndikuwapatsa nyenyezi zinayi mwa zisanu.

Chimene anandithandiza kwambiri ndi kaphwanyidwe ka chiganizo. Amati mawu ngati walk out kapena drive past uwadule pawiri. Loyambalo likukuuza mmene munthu akuyendera, wapansi kapena pa galimoto, ndiye usankhe pakati pa идти ndi ехать. Lachiwirilo likukuuza kolowera, ndipo m'Chirasha limasanduka kaphatikizo komamatira kumayambiriro kwa mneni: вы- ndi kutuluka, про- ndi kudutsa. Koma sizithera pomwepo ayi, chifukwa kolowerako Chirasha chimakonda kukunena kawiri, pa mneni komanso pa mperekezi. Kutuluka m'chipinda ndi выйти из комнаты, вы- ndi из onse ali pomwepo.

Tinakhala theka la ola pa chiganizo chimodzi, we drove past the hospital. Tinali pa galimoto, choncho ехать. Tinadutsa, choncho проехать. Chipatalacho tinangochidutsa m'mbali, ndiye pakufunika мимо, amene amasintha mathero a dzina: больница akhala больницы. Zonse pamodzi, мы проехали мимо больницы. Kenako anandifunsa kuti nanga ngati timadutsapo tsiku lililonse? Ine ndinathamangira kumata про- pa ездить, mnzake wa ехать wonena za kuyenda kobwerezabwereza. Anandikonza kuti tsindelo limasintha n'kukhala -езжать, ndiye timati мы проезжаем мимо больницы. Anandichenjezanso kuti ехать sanena amene wagwira chiwongolero. Dalaivala ndi wokwera onse amanena mofanana, ndipo ukafuna kutsindika kuti umayendetsa ndiwe, uwonjezere kuti я был за рулём.

Phunziroli ndinalikumana nalo pamsewu sabata yomweyo. Ndinasinza m'basi madzulo, pogalamuka n'kuona nyumba zachilendo. Ndinaimbira mnzanga n'kunena kuti я проехал остановку, wopanda мимо, kutanthauza kuti ndapitirira siteji yanga. Anandimva nthawi yomweyo. Ndinayambanso kumva bwino funso limene anthu amakufunsa ukaima pakhomo la basi, вы выходите?, kuti adziwe ngati mukutsika kapena muwapatse mpata.

Nyenyezi imodzi ndachotsa chifukwa cha tebulo la m'mapepala aja. Linalemba walk out pambali pa выйти ngati nkhani yathera pomwepo. Ndinafunsa za bambo amene wasiya banja lake, amene Angerezi amati he walked out on his wife, ndipo aphunzitsi anavomera kuti pamenepo выйти sagwira. Pafunika он ушёл от жены. Kusiyana kwa вышел ndi ушёл ndi kwakukulu, koma anangokudutsa mofulumira. Ukafika pa ofesi n'kuuzidwa kuti он вышел, dikira, munthuyo watuluka pang'ono abweranso. Akati он ушёл, bwerera kunyumba, waweruka.

Apa m'pamene ndinaona kuti kudzera m'Chingerezi nthawi zina n'kuzungulira. Ife timasiyanitsa kale "watuluka" ndi "wachoka", timasiyanitsanso "tadutsa" ndi "tapitirira". M'kope langa ndinasiya kulemba Chingerezi pambali pa timaphatikizoti n'kuyamba kulemba Chichewa: вы- kutuluka, у- kuchoka, при- kufika, пере- kuwoloka. Zinakhazikika msanga m'mutu. Chimene Chichewa sichikukakamiza kunena ndi choti munthu watuluka wapansi kapena pa galimoto, ndipo pokhapo m'pamene walk ndi drive amandikumbutsa kusankha pakati pa выйти ndi выехать.

Dandaulo lina laling'ono ndi loti mapepalawo sasonyeza pogogomeza liwu. Mu выйти ndi выехать umagogomeza вы-, koma mu выходить umagogomeza kumapeto. Ndinkalakwitsa mpaka phunziro lachinayi, pamene aphunzitsi anandimva ndikuwerenga mokweza.

Maphunzirowa akuyenera munthu amene amasiyanitsa kale идти ndi ходить komanso amadziwa kusintha mathero a mayina pambuyo pa из ndi мимо. Ngati zimenezi simunazigwire, dikirani kaye mwezi umodzi kapena iwiri, chifukwa aphunzitsiwa sabwerera kukazifotokoza.